Tsiku limene ndinalonjeza nyemba zophika popanda moto

Madengu 40 anali ataunjikana kuchipinda kwa ana, ndipo tsiku lobweza ngongole ku banki mkhonde linali likuyandikira. Ine ndi mlamu wanga timasoka madengu ophikira. Ndi dengu lansungwi wamba, koma mkati mwake timayalamo nsalu yoikamo thonje lambiri, pamwamba n'kuvundikira ndi kapilo konenepa. Mukaviika nyemba usiku, m'mawa n'kuziwiritsa kwambiri kwa mphindi 20, mumaphula poto ali chivundikirire, kumulowetsa m'dengumo n'kutseka. Pakatha maola anayi nyemba zija zimakhala zitapsa ndi kutentha komwe munatsekera mkatimo, ndipo makala amene akanathera pa mbaula amakhala akadali m'thumba.

Vuto la katundu wotereyu ndi lakuti munthu sakhulupirira mpaka ataona yekha. Pamsika ndinkafotokoza mpaka kukhosi kuuma, anthu n'kumangoti, "Chabwino mayi, tibweranso." Ndiye mchimwene wanga wamng'ono, amene ali ku koleji, anati tijambule kanema. Tinajambuladi wa mphindi zinayi, kuyambira poviika nyemba mpaka potsegula dengu, n'kumuika pa YouTube.

Ine ndinkayesa kuti ntchito yathera pomwepo. Pamalo polemba mutu ndinalemba zomwe zinandibwerera: "Dengu lathu lophikira, tikugulitsa ku Blantyre, imbani." Pamalo olembedwa kuti Thumbnail, pomwe pamakhala kachithunzi kapachikuto komwe munthu amaona asanatsegule kanema, YouTube inandipatsa zithunzi zitatu zomwe inangotapa yokha m'kanemamo. Ndinasankha chomwe ndinkaonekamo bwinoko. Ndinali nditaima pakhonde, kukamwa kuli yasa pakati pa mawu, dengu lili pansi kumapazi kwanga, kumbuyo kuli zovala zoyanika.

Patatha masabata awiri, palibe ndi mmodzi yemwe amene anaimba.

Mchimwene wanga atabwera Loweruka anatenga foni yanga n'kutsegula YouTube Studio. Anandilozera manambala awiri. Yoyamba, yolembedwa Impressions, imawerenga kuti kachithunzi kaja kaonekera kangati pamaso pa anthu mkati mwa YouTube. Yachiwiri, Impressions click-through rate, imanena kuti mwa maulendo 100 aliwonse omwe kaonekera, ndi kangati pomwe munthu anadina. Yanga yoyamba inali cha m'ma 3,000. Yachiwiri inali 1.4 peresenti.

"Asisi," iye anatero, "kanema wanu anthu sanamukane. Sanamuone n'komwe. Chomwe akana ndi chithunzichi."

Zinandiwawa, chifukwa pachithunzipo panali nkhope yanga. Koma masamu ake anali osavuta: maulendo 3,000, odina cha m'ma 40 basi. YouTube yokha imanena kuti theka la makanema onse limakhala pakati pa 2 ndi 10 peresenti. Ine sindinafike ngakhale pansi penipenipo.

Usiku umenewo ndinayesa kudziona ndekha momwe ndimachitira ndikagwira foni. Chala chimangoseserekera m'mwamba, ndipo kachithunzi kalikonse kamakhala ndi kamphindi kosakwana kuphethira kawiri. Ndiye pali china chomwe ife kuno timachidziwa bwino: kudina ndi ndalama. Munthu wagula bandulo yoti imufikitse Lachisanu, ndipo asanatsegule kanema amayamba wadzifunsa ngati zimenezi n'zoyenera kuwonongera bandulo yake. Mayi woima pakhonde ndi dengu kumapazi sakumuuza chilichonse chomwe angapindule. Mutu nawo unkayamba ndi mawu akuti "dengu lathu" n'kutha ndi "imbani", kutanthauza kuti ndinkalankhula za vuto langa la ngongole, osati la munthu amene makala akumuthera.

Apa ndi pomwe ndinalakwa kachiwiri, ndipo kulakwa kwake kunali kwakukulu kuposa koyamba.

Nditatsimikizira nambala yanga ya foni, monga YouTube imafunira munthu asanayambe kuika chithunzi chakechake, ndinatsegula Canva n'kupanga chikuto chatsopano. Ndinajambulitsa nditagwira m'mutu, maso ali tong'o, monga ndinkaonera ena akuchitira. Ndinaika muvi wofiira wolozera dengu, ndi zilembo zachikasu zikuluzikulu: OPANDA MOTO! Mutu ndinausintha kukhala "Phikani nyemba popanda moto, simukhulupirira!" Mlamu wanga ataona anapukusa mutu.

"Alamu, nanga si timayamba tawiritsa?"

"Akaonera amva okha," ndinayankha. "Chachikulu alowe kaye."

Analowadi. M'masiku ochepa nambala ija inakwera kufika pa 9 peresenti, ndipo ndinkangoitsegula ngati munthu woyang'ana nkhuku yofungatira. Foni inayamba kulira. Ndinagulitsa madengu atatu.

Koma mu YouTube Studio muli kamzere kena komwe sindinkakayang'ana, kosonyeza pomwe anthu amasiyira kuonera. Mchimwene wanga atandionetsa, kanali ngati phompho. Kamayamba pamwamba, ndipo pa sekondi ya 35 kankagwa n'kukakwawa pansi. Tinabwezera kanema kumbuyo kuti timve chomwe chinali pamenepo. Anali mawu anga omwe: "Choyamba, wiritsani nyemba zanu pa mbaula." Munthu amene ndinamulonjeza kuti moto kulibe, akaona mbaula ankadziwa kuti ndamupusitsa, n'kutuluka. Sankafika n'komwe pomwe dengu likutsegulidwa, pomwe pali chozizwitsa chenichenicho. Sabata yachiwiri nambala ya Impressions inayamba kutsika. YouTube siyang'ana kudina kokha, imayang'ananso ngati odinawo akukhalitsa, ndipo kanema amene anthu akumuthawa imasiya kumuonetsa kwa ena.

Zimenezo ndikanapirira. Chomwe chinandichotsa tulo ndi foni yomwe inabwera Lamlungu masana, kuchokera kwa mayi ena a ku Bangwe. Mwana wawo ndi amene anaona chikuto chija, sanaonere kanema yense, n'kuwagulira dengu ngati mphatso. Iwo anatenga nyemba zosawiritsa, kuthira madzi ozizira m'poto, kulowetsa m'dengu m'mamawa n'kupita kutchalitchi. Tsiku limenelo kunkabwera apongozi awo.

"Mayi," anatero, ndipo sanakweze mawu, "munalemba nokha kuti opanda moto. Ine ndatsegula ndapeza nyemba zili gwa, madzi ayamba kununkha. Alendo ndiwapatsa chiyani?"

Ndinayamba kunena kuti m'kanemamo ndinafotokoza zonse, koma ndinalekera panjira. Iwo sanagule kanema. Anagula mawu awiri achikasu aja. Mawa lake ndinakwera minibasi, nyemba zoviika zili m'chigubu, kukawaonetsa momwe dengu limagwirira ntchito. Tinakhala pakhonde pawo maola anayi tikudikira. Atatsegula, nthunzi inawamenya kumaso, ndipo anatenga nyemba imodzi n'kuifinya ndi zala, inangoti phwa. Anaseka.

"Nanga osangojambula izizi bwanji? Izi ndiye zodabwitsa. Zogwira m'mutu zija n'zachiyani?"

Chikuto chachitatu ndinachitenga pamenepo, pamawu a mayi amenewo.

Chinanditengera m'mawa wathunthu, ndipo ndinajambula zithunzi zoposa 30 kuti ndipeze chimodzi. Ndinafuna kuti pachithunzipo pakhale chinthu chimodzi chokha: poto ali m'dengu, dzanja likunyamula chivundikiro, nyemba zakupsa zikuoneka, nthunzi ikukwera. Munthu akaona nthunzi ikutuluka m'dengu lansungwi, funso limadzibwerera lokha m'mutu mwake, ndipo simufunikanso kumukuwira.

Nthunziyo ndi imene inandivutitsa. Ndikajambula pabwalo masana, siinkaoneka n'komwe. Ndinazindikira kuti imafuna zinthu ziwiri: kumbuyo kwake kukhale kwakuda, ndipo kuwala kuichokere cham'mbali kapena chakumbuyo, osati kutsogolo. Ndinaika dengu pakhomo la khitchini cha m'ma 6 koloko m'mawa kukadali kachisisira, mkati mwa khitchini muli mdima, dzuwa likulowa chopingasa. Nthunzi inaoneka yoyera ngati thonje. Chachiwiri chinali nsalu. Madengu athu timawakuta ndi zitenje zamaluwamaluwa, ndipo pamaso ndi zokongola, koma pakachithunzi kakang'ono maluwawo ankameza poto ndi nyemba zomwe, zonse n'kusanduka phala lamitundumitundu. Ndinasoka dengu limodzi lansalu yobiriwira yopanda maluwa, kuti kufiira kwa nyemba kuonekere. Mlamu wanga mpaka lero amalitcha dengu la pa TV.

Foni muyenera kuigwira chogoneka. Chikuto cha pa YouTube ndi chachitali m'mbali, ndipo mukajambula foni itaima mudzapezeka mukudula pamwamba ndi pansi, nthunzi yanu n'kupita nayo. Ndinayandikiranso kwambiri, mpaka poto anadzaza pafupifupi theka la chithunzi. Nkhope yanga sinalowemo. Ena amati nkhope imakoka maso, ndipo mwina n'zoona kwa anthu odziwika, amene owatsatira amadina chifukwa cha iwowo. Ine palibe amandidziwa, ndipo chomwe ndikugulitsa si nkhope.

Pa mawu apachithunzi ndinadziletsa. Ndinalemba atatu okha: MAKALA: MPHINDI 20. Zilembo zoyera zonenepa, pamalo amdima aja kumanzere chakumtunda. Pakona yakumanja chakumunsi musaikepo kanthu, chifukwa YouTube imaikapo kabokosi kakuda kosonyeza kutalika kwa kanema, ndipo kamaphimba chilichonse chomwe chili pamenepo. Pachikuto changa chachiwiri kabokosi kameneka kanali katadya nsonga ya muvi wofiira uja, ine osazindikira. Ndinayesanso kuika mtengo wa dengu, koma ndinauchotsa. Mitengo ya thonje ndi nsalu sichedwa kusintha, ndipo kanema amakhalapo miyezi ndi miyezi. Simufuna kumakangana ndi munthu amene wabwera ndi mtengo wachaka chatha atausunga pafoni.

Kuyesa kwake ndimachita chonchi, ndipo ndi komwe ndimakudalira kuposa china chilichonse. Chithunzi chikakhala chodzaza sikirini yonse, chilichonse chimaoneka bwino. Koma anthu sadzachiona chotero. Pamndandanda wa zotsatira munthu akafufuza, kapena linki ikatumizidwa pa WhatsApp, chimatha kuchepa kufika ngati bokosi la machesi. Choncho ndimachichepetsa kufika pamenepo, ndimatsitsa kuwala kwa foni monga amachitira anthu posunga batire, n'kutuluka nacho padzuwa. Kenako ndimaitana mwana wanga wa sitandade 5, kumuonetsa kwa sekondi imodzi, kubisa foni, n'kumufunsa chomwe waona. Pachikuto choyamba anati, "Inuyo, amayi." Pachachiwiri anati, "Inuyo mukulira." Pachachitatu anati, "Nyemba zotentha zili m'dengu."

Mutu unandivuta mwanjira ina. Malo olembapo amalola zilembo 100, koma pafoni mutu wautali umadulidwa n'kuthera m'timadontho titatu, choncho chofunika chiyenera kukhala koyambirira. Funso linali lakuti chofunikacho n'chiti. Ine ndinkaganiza kuti ndi dzina la katundu. Mchimwene wanga anandiuza kuti ndilembe mawu m'kabokosi kofufuzira ka YouTube ndione zomwe kamalizitse kokha, chifukwa zomwe kamamalizitsazo zimachokera ku zomwe anthu amafufuza. Nditalemba za dengu lophikira, sipanabwere kanthu kogwirika. Nanga munthu angafufuze bwanji chinthu chomwe sakudziwa kuti chilipo? Chomwe amadziwa ndi nyemba zochedwa kupsa ndi thumba la makala losafika kumapeto kwa mwezi. Mutu uyenera kuyambira pomwe munthuyo waima.

Ndinalemba mitu khumi papepala la m'kope la mwana. Yambiri inagwa msanga. "Njira yatsopano yophikira" sunkanena kuti kuphika chiyani. "Dengu lodabwitsa" unali m'bale wake wa bodza lija. "Sungani makala" unkamveka ngati chikwangwani cha bungwe. Womwe unatsala ndi uwu: "Kuphika nyemba ndi makala ochepa: dengu limamalizitsa lokha."

Onani kuti mawu apachithunzi ndi a m'mutu sakubwerezana. Poyamba paja ndinalemba zopanda moto pachithunzi, n'kulembanso zomwezo m'mutu, ngati munthu wopatsidwa mwayi wolankhula kawiri n'kunena chimodzimodzi. Tsopano chilichonse chili ndi ntchito yake. Chithunzi chikuonetsa mathero, nyemba zakupsa, ndi nambala imodzi yoti munthu ayerekeze ndi maola omwe amathera pa mbaula. Mutu ukutchula ntchitoyo ndi mawu omwe iye angalembe pofufuza, n'kuwonjezera kuti chinsinsi chili m'dengu. Chomwe sindinaulule ndi chimodzi: zimatheka bwanji? Chimenecho ndiye chodinitsa. Ndipo palibe mawu ngakhale amodzi omwe mayi a ku Bangwe angandiimbire nawo foni. Makala alipo, ndawatchula kawiri.

Panatsala chinthu chimodzi choti chigwirizane ndi chikutocho, ndicho chiyambi cha kanema. Wathu ankayamba ndi ine ndikupereka moni ndi kufotokoza komwe timapezeka, masekondi 30 athunthu. Munthu amene wadina chifukwa cha nthunzi akufuna nthunziyo. Popeza kanema amene ali kale pa YouTube simungamuwonjezere zina, tinamukonza n'kumuikanso ngati watsopano: masekondi asanu oyamba ndi dzanja likutsegula dengu ndi zala zikufinya nyemba, kenako mawu anga akuti, "Nyemba izi zakhala pamoto mphindi 20 zokha. Ndikuonetsani." Moni ndinamusunthira kumapeto. Amayi anga ataonera anati ndayamba mwano.

Nambala ya odina inakhazikika cha pa 5 peresenti. Inde, yotsika kuposa ya bodza lija, ndipo tsiku loyamba mtima unandiwawa pang'ono. Koma kamzere kaja sikanagwenso pa mbaula. Kankatsika pang'onopang'ono, ndipo pafupifupi theka la anthu linkafika pomwe ndikutchula nambala ya foni. Oimba nawo anasintha mafunso. Sankafunsanso ngati n'zoona. Ankafunsa ngati poto wawo wa banja la anthu asanu ndi awiri angalowemo, ndi ngati mpunga umathekanso.

Manambalawa ali ndi misampha yake, ndipo ndinagweramo ingapo. Tsiku loyamba kanema amaonekera kwambiri kwa anthu okudziwani kale, amene amadina ngakhale mutaika chithunzi cha khoma, ndiye nambala imakhala yokwera. Akayamba kufika kwa alendo imatsika, ndipo kutsika kumeneko si chizindikiro chakuti chikuto chaipa. Kungakhale kuti kanema wayamba kuyenda. Ngati chaonekera maulendo 200 okha, anthu anayi owonjezera amasuntha nambala ndi 2 peresenti yathunthu, choncho sindiweruza chikuto chisanaonekere maulendo masauzande angapo. Odina linki yomwe mwatumiza pa gulu la WhatsApp la kumpingo salowa m'chiwerengero chimenechi, chifukwa sanaone chikutocho mkati mwa YouTube. Ndipo mukasintha chithunzi ndi mutu tsiku limodzi, monga ndinachitira ine kawiri konse, simungadziwe chomwe chathandiza. Masiku ano ndimasintha chimodzi, n'kudikira sabata.

Mu 2024 YouTube inabweretsa chida chomwe inachitcha Test & Compare, choti pakompyuta munthu aike zikuto mpaka zitatu, iyo n'kumazionetsa kwa anthu osiyanasiyana. Chomwe chinandigwira mtima mchimwene wanga akundifotokozera ndi momwe imasankhira chopambana: sitengera chomwe chadinidwa kwambiri, koma chomwe chabweretsa nthawi yambiri yoonera. Ndikanachigwiritsa ntchito nthawi ija, chikuto changa chogwira m'mutu chikanagwa ngakhale chinali ndi 9 peresenti yake. Ife oonera athu ndi ochepa, moti titayesa pa laputopu yake zotsatira zinabwera zosasiyanitsa chopambana. Ndinabwerera kwa mwana wa sitandade 5.

Madengu 40 aja sanathe onse tsiku la banki mkhonde lisanafike. Tinagulitsa 26, ndipo zotsalazo ndinawonjezera ndi ndalama ya mayunifolomu omwe ndinasoka. Awiri mwa 26 amenewo anapita ku Bangwe, kwa anzawo a mayi aja.

Pano tikukonza kanema wa mpunga, ndipo takangana kale ndi mlamu wanga. Mpunga ndi woyera, nthunzi ndi yoyera, poto ndi wotuwa, ndipo pakachithunzi kakang'ono zonse zikungooneka ngati mtambo. Iye akuti tiike kambale ka ndiwo zatomato pambali kuti pakhale chofiira. Ine ndikuti ndiwozo sizinaphikidwe m'dengu, ndipo wina adzaimba foni. Iye akuti ndiye tiziphike m'dengu momwemo, tili nawo ambiri. Tagwirizana kujambula Lachinayi m'mawa, dzuwa lisanakwere pamwamba pa mpanda.